Kodi "problemita" ndi vuto laling'ono? Za -ito, -azo, -ote ndi -ón m'Chisipanishi

Nachisale: Moni nonse a pa gulu lino. Ndikupempha amene akudziwa bwino Chisipanishi kuti andithandize kumvetsa uthenga umene ndalandira kuchokera kwa mayi wina wa ku Kolombiya amene timagwira naye ntchito. Uthengawo unali wotere: "Buenos días. ¿Me regala un momentico? Hay un problemita con el informe y necesito un favorcito. Ahorita la llamo." Ndikudziwa kuti problema ndi vuto, favor ndi thandizo limene munthu akupempha, ndipo ahora ndi tsopano. M'kalasi anatiphunzitsa kuti -ito ndi -ita akaikidwa kumapeto kwa mawu amachepetsa chinthucho, choncho mmene ndinamvera n'kuti vutolo ndi laling'ono ndipo mayiwo andiimbira nthawi yomweyo. Koma uthenga unabwera m'mawa, foni inalira madzulo, ndipo chimene ankafuna chinali choti tilembenso gawo lonse la ndalama mu lipoti lathu, imene ndi ntchito yaikulu ndithu. Nanga mathero amenewa amagwira ntchito yanji, popeza pano sanachepetse kanthu?

Tadala: Mayi Nachisale, ine ndikuona kuti yankho tili nalo kale m'Chichewa chathu chomwechi. Zimene iwo amachita kumapeto kwa mawu, ife timachita kumayambiriro. Iwo akati casita ife timati kanyumba, ndipo akati cochazo ife timati chigalimoto. Munthu akakupezani n'kunena kuti "pali kavuto pang'ono", inu mumadziwa kale kuti vutolo likhoza kukhala lalikulu, kungoti iye sakufuna kukudzidzimutsani. Choncho ine pophunzira ndimangotsatira lamulo limodzi, lakuti paliponse pamene pali -ito ndiikepo ka-, ndipo pamene pali -ón kapena -azo ndiikepo chi-. Mpaka pano lamulo limeneli silinandisocheretse.

Bambo Chirwa: A Tadala alasa mbali imodzi, ndipo chitsanzo chawo cha "kavuto" ndi chabwino kwambiri, koma lamulo lawolo lili ndi malire amene ndiwatchula tikamaliza ndi uthengawu. Tiyeni tiyambe tautenga liwu ndi liwu, chifukwa mathero anayi amene alimo sakugwira ntchito imodzi.

Mu momentico ndi favorcito, wolembayo sakuyeza kukula kwa nthawi kapena kwa thandizo. Iye akupempha, ndipo akudziwa kuti pempho ndi mtolo umene akusenzetsa mnzake, choncho akuupepuza m'mawu kuti mnzakeyo asamve ngati akulamulidwa. M'Chichewa ntchito imeneyi imagwiridwa kwambiri ndi -ko osati ka-. Taganizirani kusiyana kwa "mundithandize" ndi "mundithandizeko". Thandizo ndi lomwelo, koma wachiwiriyo wadzichepetsa. Ndi mmene favorcito alili, ndipo kawirikawiri pempho likamakula ndi pamenenso wopemphayo amalikutira kwambiri. Onaninso kuti mayiwo analemba "me regala", kutanthauza "mundipatse ngati mphatso", kumene ndi kapemphedwe kofala kwambiri ku Kolombiya, moti ngakhale wogula m'sitolo amanena choncho pa chinthu chimene alipire.

Mu problemita, chimene chikuchepetsedwa ndi ululu wa nkhaniyo. Gawo la ndalama mwina munalemba ndinu, ndipo mayiwo sanafune kuti zimveke ngati akukulozani chala. Munthu wa kumeneko akafuna kunena kuti vuto ndi laling'onodi, nthawi zambiri amawonjezera mawu ena, monga "no es nada grave", kutanthauza kuti si zoopsa. Ngati mawu otere palibe, problemita sakukuuzani chilichonse za kukula kwa vutolo.

Ahorita ndiye amene amapusitsa alendo kwambiri. Ku Kolombiya, munthu amene akutanthauza pompano amakonda kunena kuti "ya" kapena "ya mismo", pamene ahorita nthawi zambiri amatanthauza "posachedwa, ndikapeza mpata". Ku Mekisiko liwu lomweli limatha kutanthauza pompano, kapena nthawi ina, kapenanso kukhala njira yaulemu yokanira. Choncho mayiwo sananame poimba madzulo.

Umboni wakuti kukula si nkhani yaikulu pano ndi wosavuta kuupeza. Mayi wolankhula Chisipanishi amanena za mwana wake kuti "tiene dos añitos", ali ndi zaka ziwiri, koma chaka sichingachepe, chili ndi miyezi khumi ndi iwiri kwa aliyense. Chikondi chimene ali nacho pa mwanayo ndi chimene chafika mpaka pa liwu lakuti chaka. Katswiri wa chilankhulochi, Amado Alonso, anafotokoza zimenezi mu 1935, ponena kuti kusonyeza kuchepa kwa chinthu ndi ntchito imene mathero amenewa amagwira mwa apo ndi apo, pamene kawirikawiri amaonetsa mmene wolankhula akumvera kapena zimene akufuna kuti womvera achite.

Zuze wa ku Ulongwe: Ine ndalowa mochedwa, koma ndaona kuti mu uthengamo muli cholakwika chimene palibe amene wachitchula. Ife kuno ku Mozambiki timalankhula Chipwitikizi, ndipo timati momentinho, probleminha ndi favorzinho, mathero ake ndi amtundu umodzi ponseponse. M'Chisipanishi ndikudziwa kuti ofanana nawo ndi -ito, choncho liwu lolondola likanakhala momentito. Mayiwo analemba momentico, ndipo ndikuganiza kuti chala chinaphonya pa foni. Mwina n'chifukwa chake Mayi Nachisale anasokonezeka.

Bambo Chirwa: Achimwene a ku Ulongwe, chala sichinaphonye ayi, ndipo liwu limenelo ndi limene likanatiuza kwawo kwa wolembayo ngakhale Mayi Nachisale akanapanda kutchula. Ku Kolombiya, Venezuwela, Kyuba ndi Kosita Rika, anthu amagwiritsa ntchito -ico pamene tsinde la liwu lathera ndi t. N'chifukwa chake gato, mphaka, amakhala gatico, ndipo rato, kanthawi, amakhala ratico, koma casa imakhalabe casita popeza mulibe t pamalopo. Mu uthenga womwewo mukuona kuti analemba momentico koma problemita, ndipo zonsezo n'zolondola malinga ndi kwawo. Anthu a ku Kosita Rika amatchedwa "ticos", ndipo ambiri amafotokoza kuti dzinali linachokera pa chizolowezi chomwechi. Ku Sipeni nakonso madera amasiyana, moti ku Aragón ndi ku Murcia mumva -ico pa mawu amtundu uliwonse, ku Asturias mumva -ín, ku Cantabria mumva -uco. Kwa wophunzira, -ito ndi amene amamveka kulikonse, choncho ndi wokwanira polankhula, enawo n'kungowazindikira akamveka.

Nachisale: Zikomo kwambiri Bambo Chirwa, tsopano ndamvetsa kuti mayiwo ankandilemekeza. Koma ndili ndi nkhawa ina. Ngati ndikutsatira zimene a Tadala anena, ndiye kuti -ito akhozanso kunyoza, chifukwa ife tikati "kamunthu aka" kapena "kadokotala kaja" sitikuyamikira. Tsiku lina ndinamva mayi omwewa akutchula agogo awo kuti abuelita, ndipo zinandizunguza, chifukwa ine sindingayerekeze kunena kuti "kagogo kanga". Nanga munthu amadziwa bwanji kuti pano pali chikondi ndipo apa pali chipongwe?

Bambo Chirwa: Apa ndi pamene lamulo la a Tadala limayamba kuphonya. M'Chichewa timalemekeza wamkulu pomuchulukitsa, timati agogo, abambo, iwo, ndipo kumuika m'gulu la ka- ndi kumuvula ulemu wonse. M'Chisipanishi kuchepetsa wamkulu ndi kumukumbatira. Abuelita ndi agogo okondedwa, ndipo ku Mekisiko ndi maiko ena ambiri a ku Latini Amereka munthu amatha kumva ngati abuela wopanda mathero ndi wouma. Okhulupirira amafika ponena kuti Diosito kwa Mulungu ndi Virgencita kwa Maria Virigo popemphera, ndipo palibe amene amaona kuti Mulungu wachepetsedwa. Munthu womasulira amene angalembe kuti "kamulungu" pamenepo wapha tanthauzo lonse.

Komabe chipongwe chilipo, monga mwaganizira, ndipo njira yochizindikirira ndi kuyang'ana liwu limene mathero akhalapo komanso amene akuuzidwa. Akakhala pa dzina la wachibale, pa chakudya chimene mukupatsidwa monga cafecito, pa nthawi, kapena pa pempho, pafupifupi nthawi zonse ndi chikondi kapena ulemu. Akakhala pa ntchito kapena udindo wa munthu, makamaka munthuyo palibe ndipo patsogolo pali ese kapena esa, khalani tcheru. "Ese abogadito" ndi chimodzimodzi "kaloya kaja", munthu amene wolankhulayo akumuona kuti sakudziwa ntchito yake. Koma liwu ngati doctorcito likachokera pakamwa pa wodwala wokalamba wa ku Peru kapena ku Mekisiko, akulankhula ndi dokotalayo maso ndi maso, ndi kudandaulira mwaulemu. Liwu lomwelo likanenedwa ndi dokotala mnzake pa msonkhano likhoza kukhala mwano woopsa. Pali mathero ena amene kawirikawiri sasiya chikayiko, monga -ucho. Medicucho ndi dokotala wachabechabe, ndipo casucha ndi nyumba yonyozeka, zilibe kanthu kuti wanena ndani.

Vuto lalikulu lili pa zolembedwa, chifukwa polankhula mamvekedwe a mawu ndi nkhope zimaulula zambiri, pamene mu uthenga wa pa foni zimenezo mulibe. Langizo langa kwa wophunzira ndi lakuti asaike -ito pa udindo wa munthu aliyense mpaka atamva eni ake akuchita zimenezo kwa munthu yemweyo.

Tadala: Ndavomera za agogozo. Koma ndikufuna ndiwonjezere kusiyana kwina kumene ndakuona pamene ndimawerenga mayankhowa. M'Chichewa, dzina likalowa m'gulu la ka-, chiganizo chonse chimatsatira, monga "kamwana kanga kakang'ono kagona", moti chikondi kapena chipongwe chimamveka pa liwu lililonse. M'Chisipanishi ndikuona kuti dzina silisintha gulu lake. Problema ndi dzina lachimuna ngakhale limathera ndi a, ndipo likachepetsedwa limakhalabe "el problemita". Wolankhula amasankha yekha liwu limene aikepo -ito, likhale dzina, mfotokozi ngati solito, kapena muonjezi ngati cerquita. Mwina n'chifukwa chake ife amatidutsa mosavuta, popeza makutu athu anazolowera kumva chizindikirocho kangapo m'chiganizo chimodzi.

Limbani: Akuluakulu, mwakamba zochepetsa zokhazokha, nanga zokulitsa bwanji? Ine Chisipanishi ndimachimva pa mpira, ndipo woulutsa akakuwa kuti "golazo" aliyense amadziwa kuti chigolicho ndi chapamwamba. Amanenanso kuti partidazo pa masewero amene akoma kwambiri, ndi jugadorazo pa wosewera waluso. Choncho kwa ine nkhaniyi ndi yachidule. -ito ndi wovuta chifukwa amasinthasintha, koma -azo ndi wotamanda nthawi zonse, ndipo munthu akhoza kumugwiritsa ntchito popanda mantha.

Bambo Chirwa: Achimwene a Limbani, pa mawu amene mwatchulawo mwalondola, ndipo tingawonjezerepo padrazo, amene si bambo wamkulu thupi koma bambo wokonda ndi kusamala ana ake kwambiri. Koma -azo ali ndi ntchito ina yosiyana kotheratu, yomwe ndi kutchula kumenya. Puerta ndi chitseko, koma portazo si chitseko chokongola, ndi kumenyetsa chitseko mwaukali. Codo ndi chigongono, ndipo codazo ndi kugunda munthu ndi chigongono, liwu limene mudzalimvanso pa mpira womwewo pamene wosewera akupatsidwa khadi. Chizindikiro chake n'chakuti ngati tsinde ndi chiwalo cha thupi kapena chida chimene munthu angamenyere, ganizirani kumenya poyamba.

Kuti muone mmene mathero okulitsa amasiyanirana, tengani liwu limodzi lokha, amigo, mnzako. Amigazo ndi bwenzi lenileni, la pa mtima. Amigote ndi mnzako wa kumowa kapena wa zinthu zosalongosoka, ndipo kawirikawiri ndi liwu limene amanena ndi mkazi kapena kholo limene silikukondwera ndi ubwenziwo, monga "tus amigotes". Amiguito ndi mnzake wa mwana wamng'ono, koma likanenedwa za munthu wamkulu limatha kusonyeza kunyoza kapena kuganizira kuti pali chibwenzi chobisika. Munthu ndi mmodzimodzi yemweyo, msinkhu wake sunasinthe, koma mwamva maganizo atatu osiyana a wolankhula. -ote amakonda kupendekera ku chinthu chachikulu mosakongola, n'chifukwa chake palabra ndi liwu koma palabrota ndi liwu lotukwana. Apa chi- wathu akufanana naye ndithu, popeza "chinyumba" n'kusirira koma "chimkazi" n'kutukwana.

-ón ndiye wofunika kusamala naye kwambiri. Peliculón ndi filimu yabwino zedi, ndipo a Tadala aone kuti pano dzina lasintha gulu, chifukwa "la película" yachikazi yakhala "el peliculón" yachimuna, zimene -ito sachita. Akaikidwa pa mneni amatchula munthu wochita chinthu mopyola muyezo, monga llorón, woliralira, ndi dormilón, wokonda tulo. Pa soltera, mkazi wosakwatiwa, amabala solterona, liwu lopweteka limene limanyoza mkazi kuti wakalamba osakwatiwa. Palinso mawu amene mathero anauma kalekale, moti eni ake samvamonso kukula kulikonse. Ratón, mbewa, ndi wamng'ono kuposa rata, khoswe, ngakhale ali ndi mathero okulitsa, ndipo bolsillo, ngakhale ali ndi mathero ochepetsa a -illo, ndi thumba la chovala basi, lopanda chikondi chilichonse. Liwu likapezeka palokha mu dikishonale, ndi tanthauzo lakelake, musalifufuzemo maganizo a wolankhula.

Nabanda: Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, ndipo ndikufuna ndibweretse nkhani yanga chifukwa sindikugwirizana ndi mbali ina. Ine ndine namwino kuno ku Mangalande, ndipo pa wodi yathu pali mnzanga wa ku Ekwado amene timagwirizana kwambiri. Iye amandiitana kuti gordita. Nditafufuza ndinapeza kuti gorda ndi wonenepa. Nditamufunsa anadabwa, n'kundiuza kuti kwawo mwamuna amaitana mkazi wake choncho, ndipo mayi ake omwe amamuitana iye choncho. Sindikukayika kuti amandikonda. Koma kwathu ku Dedza munthu akakuuza kuti wanenepa amakhala akunena kamodzi, pokulonjera pambuyo pa nthawi yaitali, osati kulisandutsa dzina lako pamaso pa odwala. Funso langa n'lakuti, kodi -ita ali ndi mphamvu yofufuta tanthauzo la tsinde? Kwa ine liwulo likunenabe za thupi langa.

Limbani: Achemwali a Nabanda, nkhani yanuyi yandikumbutsa ya Edinson Cavani wa ku Urugwayi. Mu 2020, akusewera ku Manchester United, atagoletsa zigoli ziwiri pa masewero ndi Southampton, mnzake anamuyamikira pa Instagram ndipo iye anayankha kuti "gracias negrito", pamene gracias ndi zikomo ndipo negrito ndi negro, wakuda, woikidwa -ito. Bungwe loyendetsa mpira ku Mangalande linamuletsa kusewera masewero atatu ndi kumulipiritsa mapaundi 100,000, ngakhale linavomereza kuti iye analibe cholinga chosankhana mtundu. Ku Urugwayi anthu ambiri anakwiya, ndipo bungwe lawo loona za chilankhulo linatsutsa chilangocho ponena kuti kwawo liwulo ndi lachikondi. Ine ndinaona kuti anamulakwira, chifukwa ankalankhula ndi mnzake m'chilankhulo chawo, ndipo malinga ndi zimene Bambo Chirwa afotokoza, -ito pakati pa mabwenzi ndi chikondi.

Bambo Chirwa: Nkhani ziwirizi zili pa malire enieni a zimene ndanena, ndipo sindikufuna kuti mawu anga atengedwe ngati akutseka nkhani. N'zoona kuti m'maiko ambiri a ku Latini Amereka gordita, flaquito, viejita ndi negrito amagwiritsidwa ntchito ngati maina achikondi, nthawi zina ngakhale kwa munthu amene si wonenepa kapena si wakuda. Pamenepo tsinde limakhala litafooka kwambiri m'makutu a eni ake. Koma sindinganene kuti lafufutika, chifukwa liwu lomwelo negrito likanenedwa kwa mlendo, kapena pa mkangano, limanyoza koopsa, ndipo -ito amawonjezera chipongwecho pomuchepetsa munthuyo ngati mwana. Komanso pakati pa anthu akuda a m'maiko omwewo alipo amene amalikana liwuli ngakhale linenedwe mwachikondi, chifukwa amalimva pamodzi ndi mbiri ya ukapolo. Maganizo anga ndi akuti matherowa amaonetsa mtima wa wolankhula, koma amagwira bwino ntchito pokhapokha womvera atavomera ubale umene liwulo likuganizira kuti ulipo. Cavani ndi mnzakeyo mwina anali ndi ubale wotero, koma analemba poyera pamene amawerenga ndi anthu miyandamiyanda amene ubalewo alibe.

Kwa inu Mayi Nabanda, muli ndi ufulu wonse wokana dzinalo popanda kuwononga ubwenzi. Mukhoza kumuuza kuti "Sé que lo dices con cariño, pero prefiero que me llames por mi nombre", kutanthauza kuti mukudziwa kuti amanena mwachikondi koma mukufuna azikuitanani ndi dzina lanu. Gawo loyambalo ndi lofunika kwambiri, chifukwa mukalisiya iye adzamva ngati mwakana chikondi chake chomwe.

Limbani: Bambo Chirwa, pa za kulemba poyera sindikukhutira. Ngati munthu aziyamba waganizira mmene alendo onse amvere asanayankhe mnzake, ndiye kuti chilankhulo chake chiziweruzidwa ndi anthu amene sachilankhula. Ife tikanamva bwanji akanatilanga chifukwa cha liwu la Chichewa limene mzungu walimasulira molakwika?

Nabanda: Achimwene, mfundo yanu ndaimva, ndipo pa kukula kwa chilangocho mwina tikhoza kugwirizana. Koma ine sindinamasulire molakwika gordita, ndipo anthu akuda a ku Latini Amereka amene Bambo Chirwa awatchula ndi eni chilankhulo, si alendo. Chiganizo chija ndachilemba, ndipo ndikamuuza mnzangayo tikakumana pa ntchito Lolemba. Chimene ndikufunabe kudziwa, Bambo Chirwa, n'chakuti ngati iye atasiya gordita n'kuyamba kuika -ita pa dzina langa lenileni, monga amachitira ndi Ana kukhala Anita, kodi zimenezo n'zoyenera pamaso pa odwala ndi akuluakulu a pa wodi, kapena ndi za pa nthawi yopuma yokha?